Ndilembe zotani pa mbiri yanga popempha ngongole ya bizinesi ya mpunga?

"Ndine mayi wa zaka 44, ndimakhala kufupi ndi sikimu ya Nkhate ku Chikwawa. Mpunga ndaulima kuyambira ndili mtsikana, koma kuyambira 2021 ndimagulanso wa anzanga, kupunthitsa n'kukagulitsa ku Limbe. Pano ndikufuna ngongole ya K5 miliyoni yowonjezera mpamba, ndiye pa fomu pali malo oti ndilembepo mbiri yanga. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Chinanso, chaka cha Freddy ndinachedwa kubweza ngongole ina ndi miyezi inayi. Kodi zimenezi ndizibise? Ndatumiza zomwe ndinayamba kulemba pamodzi ndi zithunzi za kope langa la malonda."

Mayi, mtima m'malo. Ndaona zithunzi za kope lanu lija, lothimbirira m'mbali ngati linanyowapo, ndipo ndikuuzeni kuti chinthu chovuta kwambiri kuchipeza muli nacho kale. Ndagwira ntchito yowunika mafomu a ngongole kwa zaka zambiri kuno ku chigwa, kuyambira ku Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, ndipo anthu ambiri amene ndinawabweza sanalephere chifukwa cha sukulu. Analephera chifukwa analibe chilichonse chosonyeza kuti zomwe akunenazo zinachitikadi. Inu muli ndi masiku, maina a alimi, matumba ndi mitengo ya zaka zisanu. Mbiri yanu ichokere m'kope limenelo.

Choyamba mudziwe amene adzawerenge. Ofisala wa ngongole amene munacheza naye uja si amene amavomereza yekha. Iye amatenga fayilo yanu n'kupita nayo kwa akuluakulu kapena ku komiti, anthu amene sadzakuonani nkhope, mwinanso sanapondepo tsidya lino la Shire. Patsiku limenelo mafayilo amakhala mulu. Kandime ka mbiri yanu ndi kamene kamakulankhulirani inu palibe, ndipo owerengawo ali ndi funso limodzi lokha m'mutu mwawo: tikamupatsa munthuyu ndalamazi, zibwerera? Chiganizo chilichonse chomwe sichikuthandiza kuyankha funso limeneli chikungodya malo.

Ndiye tiyeni tione zomwe munayamba kulemba. Mwayamba ndi kubadwa kwanu m'banja la ana asanu ndi awiri, kumwalira kwa bambo anu muli aang'ono, ndi mmene munasiyira sukulu chifukwa chosowa fizi. Kenako mwalemba kuti, "Ndine mayi wolimbikira, wokhulupirika ndi woopa Mulungu, ndipo ndikupempha kuti mundiganizire." Sindikukayika kuti zonsezi ndi zoona, ndipo ndaziwerenga ndi ulemu. Koma kalembedwe kameneka tinakazolowera chifukwa cha mabungwe othandiza amene amabwera kukasefukira madzi, kumene wovutika kwambiri ndiye amalembedwa koyamba. Kwa wobwereketsa ndalama zimatembenuka. Akawerenga za mavuto okhaokha, amayamba kuganiza kuti ndalama ya mpamba idzathera ku fizi, ku chipatala ndi ku maliro. Mawu akuti wolimbikira ndi wokhulupirika nawonso aliyense amalemba, ngakhale amene akukonzekera kuthawa nayo ngongoleyo, motero owerenga amangowadumpha. Kulimbikira kwanu kuli m'kope: matumba 40 mu 2021, 95 mu 2022, 30 mu 2023, 140 mu 2024, 210 mu 2025. Munthu akaona mzere umenewu safunikanso kuuzidwa kuti ndinu wolimbikira.

Mwaona kuti ndatchula matumba, osati makwacha. Chitani chimodzimodzi. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu yakhala ikukwera. Munthu atha kulemba kuti malonda ake anakula kuchoka pa miliyoni imodzi kufika pa mamiliyoni awiri, pamene katundu amene akugulitsa ndi yemweyo, mtengo wokha ndi umene wasintha. Ofisala wodziwa ntchito amazidziwa zimenezi. Thumba la makilogalamu 50 silisintha, la 2021 ndi la lero ndi limodzi. Makwacha muwasungire chaka chathachi chokha, ndipo pamenepo musiyanitse ndalama zonse zomwe zinalowa ndi phindu lotsala mutachotsa kugula, kupunthitsa, masaka, aganyu, galimoto yokwera ku Thabwa mpaka ku Limbe, ndi msonkho wa pamsika. Ambiri amatchula zolowa ngati phindu, ndipo amagwidwa ndi funso loyamba lenileni.

Pano pali chinthu chimene chandidetsa nkhawa kuposa za Freddy. M'zolemba zanu mwati chaka chatha munagula matumba "pafupifupi 300". Ine ndawerenga m'kope tsamba ndi tsamba ndipo ndapeza 210. Mwina pali ena amene simunalembe, mwina munangozungulitsa kuti zimveke bwino. Lembani 210. Ofisala akabwera kwanu adzatsegula kope lomwelo, adzapempha sitetimenti ya Airtel Money kapena ya Mpamba kapena ya ku banki ya miyezi ingapo, adzayang'ana kukula kwa chipinda chomwe mumasungiramo, ndipo mwina adzafunsa wa pachigayo kuti mumabwera ndi matumba angati. Nambala imodzi ikapezeka yokokomeza, amayamba kukayikira zonse, ngakhale zoona zomwe. Ndikukumbukira bambo wina wogula mbuzi kumbali ya Ngabu amene analemba kuti amatumiza mbuzi 60 ku Blantyre mwezi uliwonse. Titafika pakhomo, khola lake silikanasunga ngakhale mbuzi 20, ndipo makalata a chilolezo chonyamulira ziweto amene anali nawo amasonyeza maulendo ochepa. Bizinesi yake yeniyeni, ya mbuzi 15 kapena 20 pamwezi, inali yabwinobwino ndipo ikanalandira ngongole yolingana nayo. Anabwerera chimanjamanja chifukwa cha nambala imene anawonjezera yekha. Zinandipweteka, chifukwa anali munthu wodziwa malonda ake.

Tsopano za ulimi wanu. Anthu ambiri amene achoka pa khasu kupita ku bizinesi amachita manyazi ndi zaka za kumunda, amafuna kuoneka ngati anabadwira m'sitolo. Ena amalakwitsa mbali inayo, amalemba za kumunda zokhazokha mpaka wowerenga sadziwa ngati akupempha ngongole ya feteleza kapena ya malonda. Inu muchite zinthu ziwiri. Tchulani chaka chimene munayamba kugula mpunga wa ena, chifukwa wobwereketsa amawerenga msinkhu wa bizinesi kuyambira pamenepo, osati kuyambira tsiku limene munayamba kuwokera mbande. Kenako onetsani kuti zaka za kumunda zija zimakupatsani chiyani chimene venda wochokera m'tauni alibe.

Ndipo chilipo, ndachiona m'kope. Pafupifupi paliponse pamene munapunthitsa, thumba la makilogalamu 50 la wosapuntha linakupatsani makilogalamu 31 mpaka 33 a wopuntha. Kumeneko ndi kuchita bwino pa zigayo zathu zing'onozing'ono. Inu mukudziwa chifukwa chake kuposa ine: dzuwa la kuno ndi laukali, mpunga ukasiyidwa poyanika mpaka kuuma mopitirira umang'aluka mkati n'kusweka pachigayo, ukakhala wosauma bwino umachita nkhungu m'thumba. Munthu amene waulima amangoluma kambewu kamodzi n'kudziwa. Wogula wachilendo amalipira mankhusu, mphwephwa ndi chinyezi. Ndiye m'malo molemba kuti "ndimaudziwa bwino mpunga", lembani nambala ya 32 ija ndi chifukwa chake. Onjezaninso kuti alimi 34 amene munawagula chaka chatha ndi anthu amene mumalima nawo limodzi m'sikimu, chifukwa zikusonyeza kuti katundu simudzamusowa ngakhale mavenda atachuluka.

Tibwere ku funso lomwe likukusowetsani tulo. Ayi mayi, musabise. Chifukwa choyamba n'chakuti sizibisika. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama ovomerezeka amatumiza mbiri ya obwereka ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, ndipo asanakupatseni amafufuza kumeneko pogwiritsa ntchito chiphaso chanu cha unzika. Ngakhale ngongoleyo ikanakhala ya banki m'khonde, imene sifika kumeneko, ofisala amafunsa kwa amfumu, kwa a komiti ya sikimu ndi kwa anansi, ndipo kumudzi kulibe chinsinsi cha ngongole. Akazitulukira okha inu mutakhala chete, nkhani sikhalanso ya kuchedwa miyezi inayi, imakhala ya kunama.

Chifukwa chachiwiri ndi chimene ndikufuna muchimvetse bwino, chifukwa anthu ambiri sachiona. Aliyense wobwereketsa ndalama ku chigwa chino amadziwa za madzi. Anaona a mu Januwale 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu Januwale 2022, ndi a Freddy mu Malichi 2023. Akamawerenga fomu yochokera ku Chikwawa kapena ku Nsanje, nkhani ya madzi ili kale m'mutu mwake, mulembe kapena musalembe. Chimene sakudziwa n'chakuti inuyo mumatani madzi akabwera. Munthu amene sanagwepo m'vuto sangayankhe funso limeneli. Inu mungathe: munachedwa, koma munabweza yonse. Kope likusonyeza kuti ngongole ija inali K400,000, kuti matumba 22 ananyowa m'nyumba, ndi kuti munamaliza kubweza mu Okutobala 2023 mutagulitsa chimanga cha kudimba ndi mbuzi ziwiri. Kwa ine monga wowunika, mzere umenewu ndi wamphamvu kuposa china chilichonse mu fayilo yanu.

Kalembedwe kake ndi kamene kafunika kusamala. Ziganizo zitatu zikwana: chinachitika n'chiyani, munabweza liti ndipo motani, ndipo mwasintha chiyani kuti zisabwerezeke. Osadandaula, osaloza chala munthu, osafotokoza usiku wonse umene madzi analowa m'nyumba. Mbali yachitatuyo ndi imene ambiri amaiwala. Ndaona m'kope kuti kuyambira 2024 mumalipira lendi ya kachipinda ku Limbe mwezi wa Novembala. Ngati ndikumva bwino, mumasamutsira katundu kumtunda mvula isanayambe, msewu wa tsidya lino usanayambe kuduka. Ngati ndi choncho, munakonza vutolo kale, mwangoiwala kudzitama nalo. Musanapereke fomu, pitani kumene munabwereka kuja mukapemphe kalata yosonyeza kuti munamaliza kubweza, muiphatike kumbuyo. Nthawi zina mbiri ya munthu imakhala ikusonyezabe ngongole imene anabweza kalekale chifukwa sanaikonze, ndipo kalata imeneyi ndi imene imakupulumutsani.

Za sukulu sindichedwapo. Ngati fomu ikufunsa, lembani Fomu 2 basi, popanda kupepesa. Musadziwonjezere satifiketi imene mulibe. Ngati munaphunzirapo za kasungidwe ka mabuku kapena ka mbewu kudzera kwa alangizi kapena ku kopaletivi, tchulani maphunzirowo ndi chaka chake.

Pa nkhani ya malo samalani. Mwalemba kuti "ndili ndi munda wa ekala imodzi m'sikimu" pansi pa mutu wa katundu wanu. Kulima pamalo ndi kukhala ndi chikalata cha umwini wa malowo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ndime ya m'sikimu kapena malo a kwa amfumu opanda chikalata nthawi zambiri salandiridwa ngati chikole. Mu mbiri nenani kuti mumalima ekala imodzi, zomwe ndi zoona. Za chikole zili ndi malo ake pa fomu, ndipo pamenepo mulembe zokhazo zimene zilidi zanu ndipo mungazisonyeze. Ngati muli pabanja ndipo katunduyo ndi wa nonse, bambo a kunyumba adziwe musanalembe, chifukwa adzafunsidwa, mwinanso kusayina.

Nayi mbiri imene ndakukonzerani kuchokera m'kope lanu. Muisinthe paliponse pamene ndalakwitsa, chifukwa mudzafunsidwa pa mawu aliwonse.

"Ine ndine Uje, wa zaka 44, wa m'dera la Nkhate m'boma la Chikwawa. Ndimagula mpunga wosapuntha kwa alimi, kuupunthitsa ndi kuugulitsa ku Limbe. Bizinesiyi ndinaiyamba mu 2021 ndi matumba 40 a makilogalamu 50, pogwiritsa ntchito ndalama za zokolola zanga. Mu 2024 ndinagula matumba 140, ndipo mu 2025 matumba 210 kuchokera kwa alimi 34. Ndimagulitsa kwa eni masitolo atatu amene akhala akundigula kuyambira 2022. Ndili ndi wantchito mmodzi wokhazikika ndi aganyu anayi nthawi yokolola.

Ndalima mpunga kwa zaka zoposa 20 ndipo ndikulimabe ekala imodzi. Chifukwa chodziwa kusankha mpunga wouma bwino, thumba lililonse limandipatsa pafupifupi makilogalamu 32 a wopuntha. Zogula ndi zogulitsa zonse ndimalemba m'buku kuyambira 2021.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anawononga matumba anga 22, ndipo ndinachedwa ndi miyezi inayi kubweza ngongole ya K400,000. Ndinamaliza kubweza yonse mu Okutobala 2023, ndipo kalata yotsimikizira ndaiphatika. Kuyambira 2024 katundu ndimamusamutsira ku Limbe mwezi wa Novembala mvula isanayambe.

Ndikupempha ngongoleyi kuti ndigule matumba owonjezera m'miyezi ya Meyi ndi Juni, pamene mpunga umapezeka wambiri, ndipo ndidzabweza kuchokera pa malonda a mwezi ndi mwezi kwa ogula anga a ku Limbe."

Ndi yaifupi, ndipo ikuyenera kutero. Taonani kuti chiganizo chachiwiri chanena kale bizinesi yanu, wowerenga sakufunika kusakasaka. Ngati bizinesi munailembetsa ku boma ndipo muli ndi nambala ya msonkho ya ku MRA, imene amaitcha TPIN, onjezani chiganizo chimodzi chonena zimenezo. Ngati simunalembetse, musanene kuti munalembetsa, koma funsani ofisala ngati ngongole ya msinkhu umenewu imafuna zimenezo, chifukwa obwereketsa amasiyana. Eni masitolo atatu aja muwadziwitse kuti mwina adzaimbiridwa foni, ndipo mmodzi akavomera kukulemberani kakalata koti amakugulani, ndi bwino kwambiri.

Ndime yomaliza ija ndaisiya dala yopanda nambala ya matumba, chifukwa pamenepo pali ntchito yoti muichite nokha, ndipo ndi pamene ndikufuna mundimvere ngati mlongo wanu. Tengani mtengo wa thumba limodzi monga mukuyembekezera pa nthawi yokolola, muwonjezerepo kupunthitsa, saka, aganyu ndi galimoto, kenako mugawe K5 miliyoni ndi ndalama imeneyo. Yankho lake ndi matumba owonjezera amene mukulonjeza kugulitsa. Tsopano dzifunseni: matumba 210 a chaka chatha anatulutsa pafupifupi makilogalamu 6,720 a wopuntha, ndipo kope likusonyeza kuti otsiriza munawagulitsa mu Febuluwale. Ngati ogula atatu aja anatenga miyezi yonseyo kumaliza katundu ameneyo, wowonjezerayo adzagula ndani? Kodi kachipinda ka ku Limbe kadzakwana? Mwina muli ndi yankho, mwina ogulawo amakupemphani wambiri inu n'kumalephera. Ngati ndi choncho lembani chiganizo chimenecho mu mbiri, chifukwa ndicho chifukwa chenicheni cha ngongoleyi. Ngati yankho mulibe, pemphani yocheperapo. Kubweza bwino ngongole yaing'ono chaka chino ndi kumene kumatsegula yaikulu chaka chamawa, pamene mpunga wokhala m'chipinda osagulidwa chiwongoladzanja chikuwerengedwa wagwetsa anthu ambiri amene ndimawadziwa.

Nthawi nayonso ndi yofunika. Fomu ya ngongole siyankhidwa tsiku limodzi, pamakhala kuyendera, kufufuza ndi kudikira komiti. Mukapereka mu Meyi, ndalama itha kutuluka mavenda atasesa kale ndipo mtengo utakwera, phindu lonse lomwe munawerengera n'kutha. Perekani mu Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo. Funsaninso kuti kubweza kumayamba liti. Ngati gawo loyamba likufunika patangotha mwezi umodzi, inu mudzakhala mukugulabe, musanagulitse ngakhale kilogalamu imodzi. Pemphani kuti akuonetseni papepala ndalama ya mwezi uliwonse ndi tsiku lake, pamodzi ndi ndalama yonse imene mudzakhale mutabweza pomaliza, kuphatikizapo chiwongoladzanja, ndalama yoyendetsera fomu ndi inshuwalansi ngati ilipo. Pepala limenelo muliike pambali pa kope lanu, muone ngati mwezi uliwonse malonda anu amafika pamenepo.

Pali zinthu zina zimene musachite nokha. Fomu ikafuna Chingerezi, lembani kaye m'Chichewa, kenako munthu amene mumamukhulupirira amasulire, ndipo akuwerengereni mobwerera m'Chichewa kuti mumve ngati sanawonjezere zake. Ndinaonapo mbiri yolembedwa ndi mwana wa sukulu, yodzaza mawu akuluakulu, mwini wake atafunsidwa tanthauzo la chiganizo chimodzi anangoti kukamwa yasa. Akakupemphani dongosolo la bizinesi losonyeza kalowedwe ndi katulukidwe ka ndalama mwezi ndi mwezi, pitani kwa mlangizi wa zamalonda a ulimi ku ofesi ya zaulimi ya boma lanu, kapena kwa mlembi wa kopaletivi amene anazichitapo, mutanyamula kope lija. Ngati chikole chikhale nyumba imene mumagonamo, musasayine tsiku lomwelo. Tengani chikalatacho kunyumba, munthu wodziwa malamulo akuwerengereni ndime yonena zomwe zidzachitike mukachedwa, makamaka kukabweranso madzi, ndipo funso limeneli mumufunsenso ofisala pamaso. Ndipo wina akakuuzani kuti mumupatse kenakake kuti fomu yanu iyende msanga, musapereke. Ndalama iliyonse yovomerezeka imalipiridwa ku ofesi ndipo imakhala ndi lisiti.

Kope lija musalisiye ku ofesi. Jambulitsani masamba a 2024 ndi 2025 ndi tsamba la Okutobala 2023, mupereke zojambulazo, lenilenilo mubwerere nalo kunyumba kuti ofisala akadzabwera adzalipeze pamodzi ndi sikelo ndi matumba. Mukawerengera matumba owonjezera aja, ndilembereninso nambala imene mwapeza, tidzaione limodzi musanapereke fomu.